Munabadwa mwatsopano liti? Kalata kwa mbale wobatizidwa kumene

Okondedwa mbale wanga mwa Ambuye,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndamva chimene chikukusowetsani tulo. Papita masabata atatu okha chibatizidwireni, koma mnzanu wa kuntchito wakufunsani kale kuti, "Za ubatizozo tamva, nanga munabadwa mwatsopano liti?" Mwanena kuti munasowa choyankha, chifukwa mulibe tsiku limene mungaloze, ndipo iye anapukusa mutu n'kunena kuti munangonyowa chabe. Mutakadandaula kwa mkulu wina wa mumpingo mwanu, iye anakuuzani kuti musavutike mtima, pakuti madzi aja anamaliza zonse. Tsopano muli pakati pa anthu awiri okonda Baibulo amene akuwerenga vesi limodzi la Yohane 3:3, pamene Yesu akuti munthu akapanda kubadwa mwatsopano sangaone Ufumu wa Mulungu, koma akukuuzani zosiyana. Mkangano umenewu si wanu nokha, wagawa Akhristu kwa zaka zambirimbiri, n'chifukwa chake ndaganiza zokuyankhani poyera kuti ndi ena omwe amve.

Maganizo anga ndiwanena pachiyambi pomwe. Kubadwa mwatsopano ndi ntchito ya Mulungu mwa munthu. Ubatizo ndi chizindikiro chimene Ambuye anapereka cha ntchito imeneyo, choncho suyenera kunyozedwa, koma madzi paokha sabala munthu. Ndipo umboni wakuti munthu anabadwa ndi moyo umene ali nawo lero, osati tsiku limene akukumbukira. Motero ndikutsutsana ndi onse awiri, mnzanu wa kuntchito ndi mkulu wa mumpingo uja, ngakhale kuti aliyense wa iwo wagwira kachigawo ka choonadi.

Tiyambe ndi nkhaniyo mmene ilili, chifukwa vesi lozulidwa pamalo pake limanena chilichonse chimene wolizulayo afuna. Machaputala a m'Baibulo anaikidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo Yohane polemba sanadule nkhani pamene ife timaona nambala 3. Mukabwerera pang'ono pa Yohane 2:23-25 mupeza kuti anthu ambiri ku Yerusalemu, pa nthawi ya Paskha, anakhulupirira Yesu poona zizindikiro zimene ankachita, koma Yesu sanadzipereke kwa iwo, popeza ankadziwa zimene zili mwa munthu. Chiganizo chotsatira chomwecho chikuti panali munthu wina, dzina lake Nikodemo. Iyeyu ndiye chitsanzo cha anthu aja. Anali Mfarisi, mmodzi wa akuluakulu a bwalo lalikulu la Ayuda, ndipo Yesu mwini anamutcha mphunzitsi wa Israyeli. Anabwera usiku ndi mawu aulemu, akuti tikudziwa kuti ndinu mphunzitsi wochokera kwa Mulungu, chifukwa palibe angachite zizindikiro zotere Mulungu akapanda kukhala naye. Onani kuti mawu a kubadwa mwatsopano sanauzidwe chidakwa kapena mbala, monga timawagwiritsira ntchito kawirikawiri. Anauzidwa munthu wopemphera, wodziwa Malamulo, wa mbiri yabwino, amene aliyense akanati ali kale pakhomo pa Ufumu. Amene amati kubadwa mwatsopano ndi kungosiya makhalidwe oipa ayenera kutiuza chimene Nikodemo anafunika kusiya.

Chachiwiri ndi mawu enieniwo. Yohane analemba m'Chigiriki, ndipo liwu limene Mabaibulo athu amamasulira kuti "mwatsopano", kapena ndi "-nso" wa m'mawu oti kubadwanso, ndi anotheni. Liwu limeneli lili ndi matanthauzo awiri: likhoza kutanthauza kubwereza chinthu kuchokera pachiyambi, likhozanso kutanthauza "kuchokera kumwamba". Yohane amaligwiritsanso ntchito m'malo ena atatu, ndipo monsemo likuloza kumwamba. Pa 3:31, m'chaputala chomwechi, akuti wochokera kumwamba ali woposa onse. Pa 19:11 Yesu akuuza Pilato kuti sakanakhala ndi mphamvu pa Iye akanapanda kupatsidwa kuchokera kumwamba. Pa 19:23 malaya a Yesu analukidwa kuchokera pamwamba mpaka pansi opanda msoko. Nikodemo anatola tanthauzo limodzi lokha, ndipo tikudziwa zimenezi chifukwa pofunsa ngati munthu wokalamba angalowe m'mimba mwa mayi ake, anagwiritsa ntchito liwu lina lotanthauza "kachiwiri". Iye ankawerengera kuti kubadwa koyamba, kubadwa kwachiwiri, pamene Yesu ankanena za kumene moyowo ukuchokera. Sindikuti omasulira athu analakwa, pakuti kubadwa kochokera kumwamba n'kwatsopano ndithu, ndipo palibe liwu limodzi m'chinenero chathu lonyamula zonse ziwiri. Koma tikaiwala "kumwamba" timabwereza cholakwa cha Nikodemo, n'kuyamba kufunsa kuti munthu achite chiyani kuti adzibale.

Apa chinenero chathu chomwe chitithandiza. Kubadwa kumachokera ku kubala: wina amabala, wina amabadwa. Munthu amatha kudzisambitsa, kudziphunzitsa, kudzidzudzula, koma "kudzibala" ndi mawu amene palibe anawamvapo m'kamwa mwa munthu wolongosoka. Mwana sasankha makolo, sapangana nawo tsiku, ndipo pa ntchito yonse ya kubadwa kwake iye amangolandira. M'Chigiriki mnenimo ulinso chimodzimodzi, munthuyo ndi wochitiridwa. Yohane anali atanena kale pa 1:13 kuti ana a Mulungu sabadwa ndi mwazi, kapena ndi chifuniro cha thupi, kapena ndi chifuniro cha munthu, koma ndi Mulungu. Ndiye pamene Yesu akuti muyenera kubadwa mwatsopano, sakupereka lamulo loti munthu apite akachite, monga amanenera kuti lapani kapena kondanani. Akufotokoza chosowa chimene munthu sangadzipezere. Pa 3:7 pali kanthu kena kobisika: Yesu akuyamba ndi "ndinati kwa iwe", kenako n'kunena "muyenera", ndipo "mu-" ameneyu si waulemu ayi, ndi wa anthu ambiri. Nikodemo anabwera ndi "tikudziwa", ndipo yankho linapita kwa gulu lonse limene ankaliimira.

Tsopano tione zimene anakuuzani mkulu wa mumpingo uja, ndipo ndizifotokoze mwachilungamo, chifukwa ali ndi mboni zambiri kumbuyo kwake. Pa vesi 5 Yesu akumasulira mawu ake kuti munthu akapanda kubadwa mwa madzi ndi Mzimu sangalowe mu Ufumu wa Mulungu. Akhristu akale kwambiri anamva ubatizo m'mawu amenewa. Yusitino, amene anaphedwa ku Roma chifukwa cha chikhulupiriro, polemba cha m'ma 150 za mmene ankabatizira anthu, anatchula mawu a kubadwanso omwewa. Msonkhano wa akuluakulu a Mpingo wa Katolika wa ku Tirenti mu 1547 unatsutsa aliyense wonena kuti madzi a m'vesili ndi fanizo chabe. Amaonjezanso Tito 3:5, pamene Paulo akunena za kusambitsidwa kwa kubadwanso, ndiponso kuti nkhani ya Nikodemo ikangotha, pa Yohane 3:22-23, tikupeza ophunzira a Yesu ndi Yohane Mbatizi ali pa ntchito yobatiza, Yohaneyo ali ku Ainoni pafupi ndi Salimu chifukwa kunali madzi ambiri. Amenewa si maganizo a anthu osawerenga, ndipo ndivomereze kuti aphunzitsi osamala a mbali imeneyi sanena kuti madzi ali ndi mphamvu yawoyawo, amati Mzimu ndiye amagwira ntchito m'madzimo ndipo wamkulu wobatizidwa ayenera kubwera ndi chikhulupiriro ndi kulapa.

Komabe chimene munauzidwa inu, chakuti madzi anamaliza zonse, sindingachivomereze, pa zifukwa ziwiri. Choyamba chili pa vesi 10, pamene Yesu akudzudzula Nikodemo kuti iwe mphunzitsi wa Israyeli sudziwa izi? Munthu sadzudzulidwa chifukwa chosadziwa chinthu chimene sichinakhaleko. Ubatizo wa m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera unalamulidwa Yesu atauka kwa akufa, choncho payenera kukhala china chimene Nikodemo anali nacho kale m'mipukutu imene ankaphunzitsa. Chinthucho chili pa Ezekieli 36:25-27. Mneneri ameneyu, ali pakati pa Ayuda otengedwa ukapolo ku Babiloni, analemba lonjezo la Mulungu lakuti adzawawaza madzi oyera n'kuwayeretsa ku zonyansa ndi mafano awo, adzawachotsera mtima wamwala n'kuwapatsa mtima wamnofu, ndipo adzaika Mzimu wake mwa iwo kuti aziyenda m'malemba ake. Madzi ndi Mzimu zili pamodzi pamenepo, ndipo wochita zonsezo ndi mmodzi: "ndidza-", "ndidza-", "ndidza-". Chaputala chotsatira, cha 37, ndi chija cha chigwa cha mafupa ouma amene anakhala ndi moyo mpweya utalowa mwa iwo, ndipo si mwangozi kuti Yesu atatha kunena za madzi akupita ku mphepo pa vesi 8. Ngakhale kalembedwe ka vesi 5 kakugwirizana ndi zimenezi, chifukwa "mwa" ndi mmodzi yekha wogwira madzi ndi Mzimu pamodzi. Ndi kubadwa kumodzi kwa mbali ziwiri, kutsukidwa ndi kupatsidwa moyo. Ubatizo umaonetsa ndi maso lonjezo la Ezekieli limeneli, n'chifukwa chake Akhristu akale sanalakwe pouona m'vesili, koma wotsuka mtima ndi amene analonjeza uja.

Chifukwa chachiwiri ndi zimene zinachitika m'buku la Machitidwe. Pa chaputala 8 Simoni wamatsenga wa ku Samariya anabatizidwa ndi Filipo, n'kumatsatana naye kulikonse. Patapita nthawi anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsa anthu Mzimu Woyera, ndipo Petro anamuuza kuti alibe gawo m'zimenezi chifukwa mtima wake sunali wolungama pamaso pa Mulungu. Madzi anamukhudza monga anakhudzira Asamariya ena onse, mlaliki anali yemweyo, mawu anali omwewo. Pa chaputala 10 zinthu zinayenda mosemphana: Korneliyo ndi a m'nyumba mwake ku Kaisareya analandira Mzimu Petro akali kulankhula, madzi n'kubwera pambuyo. Ndipo wachifwamba wa pamtanda, pa Luka 23:43, analonjezedwa Paradaiso manja ali okhomedwa, popanda womufikitsa kumadzi. Ngati wina anabatizidwa mtima n'kukhala womwewo, wina analandira Mzimu asanabatizidwe, ndipo wina analowa osabatizidwa, ndiye kuti Mzimu samangidwa ku ola limene madzi akhudza mutu. Kalata ya ubatizo imanena zoona kuti mwambo unachitika pa tsiku lakutilakuti, koma za mumtima singachitire umboni.

Izi zisakupangitseni kuthamangira kwa mnzanu wa kuntchito, pakuti iyenso ali ndi pomwe waterereka. Ena a mbali yake, pofuna kuchotseratu ubatizo m'vesili, amati madzi akunenedwawo ndi aja amatuluka mayi akamabereka, ndiye Yesu akutanthauza kubadwa kwa thupi kenako kwa Mzimu. Vesi 6 ya Yohane 3 imaoneka ngati ikuwathandiza, popeza ikunena za chobadwa m'thupi ndi chobadwa mwa Mzimu. Koma n'zovuta kukhulupirira kuti Yesu angaike ngati chofunika cholowera mu Ufumu chinthu chimene munthu aliyense wamoyo anachita kale, ndipo Baibulo silitchula kubadwa kwa thupi ndi mawu oti kubadwa mwa madzi. Kunena kuti munangonyowa chabe ndi kunyoza chimene Ambuye analamula. Petro yemwe uja, ataona kuti a m'nyumba ya Korneliyo alandira Mzimu, sananene kuti madzi alibenso ntchito, koma analamula kuti abatizidwe.

Mfundo yeniyeni ya mnzanuyo ndi ya tsiku, ndipo pamenepa ndichedwapo chifukwa ndi imene yakulasani. Iye akuti kubadwa kumachitika kamodzi, pa nthawi yodziwika, ndipo munthu amene anachoka muimfa kulowa m'moyo sangalephere kudziwa pamene zinachitikira. Akhoza kukuuzani za Saulo panjira ya ku Damasiko, kapena za woyang'anira ndende wa ku Filipi amene anagwa pansi akunjenjemera pakati pa usiku. Ndikudziwanso chimene akuopa, ndipo ndimachilemekeza: waona anthu odzaza m'matchalitchi amene dzina lawo lili m'kaundula koma moyo wawo uli ngati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndiye akufuna chinthu chogwirika chosiyanitsa. Ndipo anthu amene ali ndi tsiku lawo sakunama, ambiri a iwo Mulungu anawagwiradi mwadzidzidzi.

Koma taganizani za fanizo limene Yesu anasankha. Inu mukudziwa tsiku limene munabadwa m'thupi, koma simulikumbukira, munachita kuuzidwa. Alipo anthu okalamba amene sadziwa ngakhale chaka chimene anabadwa, ndipo palibe dokotala amene angakane kuwayeza n'kunena kuti ayambe abweretsa tsikulo ndipo akhulupirire kuti ali moyo. Amangogwira pamkono n'kumva mtima ukugunda. Kubadwa kumachitikadi kamodzi, pamenepo mnzanuyo akunena zoona, koma kuchitika kwa chinthu ndi kuchizindikira kwa wochitiridwayo ndi nkhani ziwiri. Yesu anayankhiratu funso limeneli pa vesi 8, pogwiritsa ntchito liwu la Chigiriki limene limatanthauza mphepo komanso Mzimu: mphepo imaomba kumene ifuna, umamva mkokomo wake, koma sudziwa kumene ichokera ndi kumene ipita, ndipo atero aliyense wobadwa mwa Mzimu. Mukakhala panja madzulo n'kuona masamba ayamba kugwedera, simungatchule mphindi imene mphepoyo inanyamuka, koma simukayika kuti ikuomba. Wofuna kuti aliyense aonetse ola akufuna chimene vesili likuti sichidziwika nthawi zonse. Ndiponso Baibulo lomwe lili ndi Saulo lili ndi Timoteo, amene anadziwa Malemba kuyambira ukhanda, ndipo Paulo pa 2 Timoteo 1:5 akuyamikira chikhulupiriro chake chosanyenga chimene chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike, osatchula usiku uliwonse wa kugwa pansi. Lili ndi Lidiya, amene za iye tikungomva kuti Ambuye anatsegula mtima wake akumvetsera m'mbali mwa mtsinje. Vuto la kuika tsiku patsogolo n'lakuti limabala mitundu iwiri ya anthu ovulala: ofatsa onga inu, amene amayamba kukayika ntchito yoona ya Mulungu, ndi ena amene anakweza dzanja pamsonkhano zaka khumi zapitazo, moyo osasintha, koma akugonera tsikulo monga momwe ena amagonera kalata ya ubatizo. Mukaonetsetsa, mnzanu wa kuntchito ndi mkulu wa mumpingo uja akuchita chinthu chimodzi, onse akuloza chochitika cha kumbuyo chimene munthu angachilembe papepala.

Za malilime ndinena mwachidule, popeza mwati mnzanuyo anakufunsaninso ngati munalankhulapo. M'nkhani yonse ya Nikodemo mulibe liwu la malilime, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 12:30 akufunsa ngati onse amalankhula malilime, funso loyembekezera yankho lakuti ayi, atangonena kumene pa vesi 13 kuti tonse tinabatizidwa mwa Mzimu mmodzi. Mphatso imene sipatsidwa kwa onse singakhale chizindikiro cha kubadwa kumene kukufunika kwa onse.

Pali chitsutso china chimene chikuloza ine mwini, ndipo n'cholimba kuposa zinazi. Wina anganene kuti ngati kubadwa ndi ntchito ya Mulungu yekha, ndiye munthu angopinda manja n'kudikira mphepo, ndipo wosabadwayo alibe mlandu. Nikodemo naye anafika pomwepo pamene anafunsa pa vesi 9 kuti zimenezi zingatheke bwanji. Yesu sanamupatse njira ya masitepe, koma anamukumbutsa nkhani ya pa Numeri 21:4-9. Aisrayeli m'chipululu analumidwa ndi njoka, anthu ambiri n'kufa, ndipo Mose anapanga njoka yamkuwa n'kuipachika pamtengo, kuti wolumidwa aliyense akaiyang'ana akhale ndi moyo. Wolumidwayo sankadzichiritsa, kuyang'anako kunalibe mankhwala, komabe amene anakana kutembenuza mutu anafa ndi ululu wake. Yesu akuti chomwechonso Mwana wa Munthu ayenera kukwezedwa, kuti aliyense wokhulupirira akhale nawo moyo wosatha, ndipo vesi lodziwika lija la 3:16 likubwera pomwepo. Choncho munthu sauzidwa kuti adzibale, amauzidwa kuti ayang'ane kwa wopachikidwayo. Mmene kuyang'ana kwa munthu ndi kubala kwa Mulungu zimalumikizirana, ndi chiti chimayamba, akatswiri a zaumulungu akhala akukangana kuyambira kale, ndipo ine sindikuona kuti Yesu anafuna kuti Nikodemo athetse zimenezo usiku umenewo. Anamuchotsa pa funso lakuti ndichite chiyani n'kumuika pa funso lakuti ndikhulupirire yani.

Tsopano tibwere ku nkhani imene mwailemba kumapeto kwa uthenga wanu, mwamanyazi, imene ndikuganiza kuti ndiyo gwero la mantha anu. Mwati patangotha masiku asanu chibatizidwireni munakangana ndi mng'ono wanu pa za katundu wa malemu bambo anu, ndipo munamunena mawu aja mumamunena kuyambira kale, akuti iye sanathandizepo kanthu pa matenda awo. Kenako wina anakuonetsani 1 Yohane 3:9, pamene akuti wobadwa mwa Mulungu sachimwa, inu n'kuona ngati mlandu watha, simunabadwe. Tiyeni tiiyeze nkhaniyi ndi muyeso wa Yohane yemweyo, chifukwa m'kalata yake yoyamba ndi mmene anafotokoza zizindikiro za wobadwa mwa Mulungu. Poyamba, amene analemba 3:9 ndi yemwe analemba 1:8, kuti tikanena kuti tilibe tchimo tidzinyenga tokha, ndi 2:1, kuti wina akachimwa tili nayo Nkhoswe kwa Atate. Sangakhale akudzitsutsa m'kalata yaifupi chotere. Chimene akukana pa 3:9 ndi kukhazikika mu tchimo ngati kwanu, kumachita mosalekeza mtima uli m'malo. Ndiye funso si lakuti kodi munagwa, koma lakuti chinachitika n'chiyani mutagwa.

Mwandiuza nokha chimene chinachitika. Kale mukamunena mng'ono wanuyo munkagona tulo tabwino, mwinanso n'kumakonza mawu ena owawa oti mudzanene mawa. Ulendo uno simunagone, m'mawa munalephera kupemphera, ndipo tsiku lachitatu munapita kwa iye kukapepesa, ngakhale mukukhulupirirabe kuti pa za katunduyo inu ndiye mukulondola. Iye sanakulandireni bwino, anangoti wamva, koma inu simunabweze. Ikani zimenezi pambali pa mavesi atatu a m'kalata yomweyo ya 1 Yohane. Pa 5:1 akuti aliyense wokhulupirira kuti Yesu ndiye Khristu wabadwa mwa Mulungu, ndipo inu mutachimwa simunathawire kwina, munabwerera kwa Iye yemweyo. Pa 2:29 akuti wochita chilungamo wabadwa mwa Iye, ndipo kupepesa munthu amene mukuona kuti wakulakwirani ndi chilungamo chimene thupi silichita mwa lokha. Pa 3:14 akuti tidziwa kuti tachoka muimfa kulowa m'moyo chifukwa tikonda abale. Kupsa mtimako n'kwakale, ndimakudziwani nako. Chatsopano ndi kusowa tulo kuja ndi ulendo wa tsiku lachitatu. Mtembo ukaubaya ndi singano sutsalima, ndipo mtima wamwala wa pa Ezekieli uja sumva kuwawa ukalakwira munthu.

Ndisakunamizeni, sindikuona mumtima mwanu, ndipo chochitika chimodzi si umboni wokwanira, pakuti ngakhale munthu wosapemphera amatha kupepesa. Zizindikiro zimenezi zimawerengedwa pa miyezi ndi zaka, monga mwana amaonekera kuti akukula ukamuyeza patapita nthawi, osati m'mawa uliwonse. Chimene chingandidetse nkhawa ndi ichi: mutadzapezeka kuti chaka chatha, mawu aja mukuwanenabe, kuwawa kuja kunazilala, ndipo wina akakudzudzulani mukutulutsa kalata ya ubatizo kapena tsiku la pamsonkhano. Pamenepo ndidzakulemberani kalata ina yosiyana ndi ino. Koma lero sindikuona chifukwa choti mubatizidwenso, kapena choti mupeke tsiku kuti mnzanuyo akulandireni. Akakufunsaninso, muuzeni mwaulemu kuti ola simulidziwa, koma mukudziwa amene mukumukhulupirira, ndipo mumupemphe kuti muwerengere limodzi Yohane 3 kuyambira pa 2:23 mpaka pa 3:21, osalumpha vesi 8.

Mukamawerenga mudzaona kuti Nikodemo akuzimiririka m'nkhaniyo osayankha. Mawu ake omaliza usiku umenewo ndi funso lija la pa vesi 9. Akuonekanso pa 7:50-52, anzake a m'bwalo atakwiya kuti asilikali a ku Kachisi abwerako osamugwira Yesu, ndipo iye akungofunsa mochenjera ngati Malamulo awo amaweruza munthu asanamumve, iwo n'kumunyoza kuti kapena nayenso ndi wa ku Galileya. Kachitatu ndi pa 19:39, Yesu atafa, ophunzira ambiri atabalalika. Akubwera pamodzi ndi Yosefe wa ku Arimateya, atatenga mure wosakaniza ndi aloe wolemera miyeso 100 ya nthawi imeneyo, imene ndi makilogalamu oposa 30, ndipo awiriwo akukulunga mtembo wa munthu amene bwalo lawo lomwe linamupereka kuti aphedwe. Yohane akutikumbutsa pamenepo kuti uyu ndi uja anabwera poyamba usiku, koma pa malo atatu onsewa sakutchula tsiku limene Nikodemo anabadwa kuchokera kumwamba.

Mundiperekere moni kwa mng'ono wanu mukakaonananso naye.

Ine mbale wanu mwa Khristu.